Kulembera Bwanamkubwa Ntchito Ikaima Chifukwa cha Ofesi Ina

Ntchito yachitukuko ya khonsolo ikhoza kuima amisiri alipo, mapulani ali bwinobwino ndiponso anthu a m'mudzi atatuta kale mchenga, chifukwa chakuti pepala limodzi lagona pa tebulo la ofesi ina imene woyang'anira ntchitoyo alibe mphamvu yoilamula. Zikafika pamenepo, kukumbutsana kwa pakamwa kutalephera, chimene chimatsala ndi kukweza nkhani, ndiko kuti kuitengera kwa mkulu amene maofesi onse awiri ali pansi pake kuti iye agamule chimene maofesiwo alephera kuthetsa paokha. Masiku ano kukweza kotere kumachitika kawirikawiri pa imelo, ndipo kalata yake ndi yovuta kulemba kuposa malipoti aatali, popeza munthu amailemba mtima utawawa, ikunena za mnzake amene adzapatsana naye moni mawa pakhonde la ofesi, pomwe ikupita kwa bwana amene ali ndi mphamvu pa onse awiri.

Khonsolo ya boma la Ntcheu, monga makhonsolo ena onse, imayendetsedwa potsata lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998, limene linadza pamodzi ndi ndondomeko yopereka mphamvu kwa anthu. Mkulu wa ogwira ntchito onse ndi bwanamkubwa, amene aliyense amangomutchula kuti DC, ndipo ndiye amayankha pa kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za khonsolo. Pansi pake pali akuluakulu a nthambi zosiyanasiyana, monga ya mapulani ndi chitukuko, ya zomangamanga, ya zachuma, ya maphunziro, ya zaumoyo ndi ya ulimi. Nthambizi ndi zofanana udindo, kotero kuti mkulu wa zomangamanga sangalamule mkulu wa zachuma kuti alipire, monganso wa zachuma sangalamule injiniya kuti asayinire ntchito imene sanaiyeze. Komabe mdadada umodzi wa makalasi umadutsa m'manja mwa nthambi zingapo usanathe: a mapulani amauika m'ndondomeko ya chitukuko, komiti yoona zogula katundu ndi ntchito imasankha kontilakitala, a zomangamanga amayang'anira ndi kuyeza, a zachuma amalipira, ndipo a maphunziro amalandira nyumbayo. Paliponse pamene pepala likuchoka m'manja mwa nthambi ina kupita ku inzake ndi pamene ntchito ikhoza kuima, ndipo amene mphamvu zake zimafika mbali zonse ziwiri ndi DC yekha.

Kuima kwa ntchito ku Ntcheu kumawawa mosiyana malinga ndi mwezi. Madera a kumtunda monga Tsangano, kumene kumachokera mbatata ya kachewere yambiri imene imagulitsidwa m'mbali mwa msewu wa M1, ali ndi misewu yafumbi yolowa m'midzi imene imavuta kwambiri mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, ndipo lole yonyamula malata ndi matabwa imene ikanafika mosavuta mu Okutobala ikhoza kulephereratu mu Januwale. Chaka cha zachuma cha boma, chimene kuyambira mu 2022 chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, nacho sichidikira munthu. Mitengo ya zipangizo imasuntha, ndipo amene anali ndi ntchito zomanga mu Novembala 2023, pamene mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, anaona ndi maso kuti ndalama yolipidwa mochedwa sigulanso simenti imene inawerengeredwa m'mgwirizano. Palinso pulogalamu ya GESD, imene Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza mu 2020 ndi ndalama zokwana madola 100 miliyoni, momwe thandizo la makhonsolo limadalira zotsatira za kuunika kwa chaka ndi chaka kotchedwa LAPA, kumene mwa zina kumayang'ana mmene khonsolo ikuyendetsera ntchito zachitukuko ndi ndalama zake. Pachifukwa ichi, DC amene wauzidwa msanga ndiponso molondola kuti ntchito yaima wathandizidwa, ndipo wolemba sayenera kudziona ngati kazitape kapena wokonda kuneneza anzake.

Funso loyamba silikhudza mawu a m'kalata, koma ngati nthawi yokweza nkhani yakwanadi. Kwa Angoni a ku Ntcheu nkhani ya malire a munda siyambira kwa Inkosi ya Makhosi Gomani. Imayamba kwa nyakwawa, n'kupita kwa gulupu, kenako kwa mfumu yaikulu ya deralo, ndipo amene wadumpha makwerero amenewa amabwezedwa ndi funso lakuti anakambapo kale ndi yani. Ku ofesi funso ndi lomwelo, ndipo wolemba ayenera kukhala ndi yankho lake pa pepala. Zinthu zitatu zimafunika kuti zikwanire pamodzi. Tsiku limene ofesi inayo inayenera kuchita mbali yake liyenera kukhala litadutsa, ndipo likhale tsiku lolembedwa penapake, kaya m'mgwirizano kapena m'maminitsi a msonkhano, osati limene wolemba anangoliyembekeza mumtima mwake. Ofesiyo iyenera kukhala itakumbutsidwa molemba, ndiponso mkulu wake atauzidwa pamaso kuti nkhaniyi ikupita kwa DC, kuti asadzidzimuke poiona. Chachitatu, payenera kukhala choipa chodziwika chimene chichitike pa tsiku lodziwika ngati palibe chasintha. Chimodzi mwa izi chikasowa, kalatayo imakhala yofulumira, ndipo bwana amene wasokonezedwa kawiri ndi nkhani zosapsa sathamangiranso kalata yachitatu ngakhale ikhale yoona. Pali apa mfundo inanso ya kayendetsedwe ka boma, yakuti injiniya kapena kalaliki woyang'anira ntchito pamalo salembera DC mwachindunji. Amakonza mfundo n'kuzipereka kwa mkulu wa nthambi yake, amene ndiye amalemba, kapena kalatayo imadzera mwa iye.

Mtima wa nkhani yonseyi ndi kusiyanitsa mitundu itatu ya ziganizo imene imasakanikirana m'mutu mwa munthu wokwiya. Mtundu woyamba ndi wa zochitika, zimene zili ndi tsiku, malo ndi pepala lozichitira umboni, monga kunena kuti satifiketi inaperekedwa ku ofesi ya zachuma pa tsiku lakutilakuti ndipo inasayinidwa m'buku lolandirira makalata. Mtundu wachiwiri ndi wa zoyembekezeka, zimene munthu wodziwa ntchito amawerengera kuchokera pa zochitikazo, monga kunena kuti denga limafuna masabata asanu ndi limodzi, choncho likapanda kuyambika mkati mwa Okutobala mvula ilipeza. Izi n'zololedwa m'kalata malinga zikalembedwa moonetsa kuti ndi kuwerengera, pamodzi ndi maziko ake. Mtundu wachitatu ndi wa zolinga za anthu ena, monga kunena kuti akuchita dala, akukondera makontilakitala ena kapena alibe nazo ntchito za ana a sukulu. Mtundu umenewu ulibe malo m'kalatayi ngakhale pang'ono, pakuti wolemba sanalowe mumtima mwa mnzake, ndipo chiganizo chimodzi chotere chimapatsa woyankha mpata wosiya nkhani ya satifiketi n'kuyamba kukamba za ulemu wake umene wanyozedwa. Muyeso wabwino wa chiganizo chilichonse ndi uwu: mkulu wa nthambi inayo atachiwerenga, kodi akhoza kuchitsutsa ndi pepala? Ngati angathe, chiganizocho chichotsedwe kapena chikonzedwe mpaka iye mwini atachivomereza ngakhale mosakondwa.

Kudziletsa kotere sikuchokera pa ulemu wokha, pakuti woyang'anira ntchito amaona mbali imodzi yokha ya khoma. Satifiketi ikagona ku zachuma, mwina ndalama za gawo limenelo sizinafike kuchokera ku likulu kudzera ku komiti ya NLGFC, imene imayang'anira zachuma za makhonsolo. Mwina makina a IFMIS, amene boma limalembera ndi kulipirira ndalama, akuvuta kapena netiweki ikudukaduka. Mwina chikalata cha kontilakitala chosonyeza kuti alibe ngongole ya msonkho ku MRA chinatha mphamvu, kapena pa fayilo pakusowa maminitsi a komiti yoona zogula ovomereza kusintha kwina kumene kunachitika pa ntchitoyo, ndipo wowerengera ndalama amene angalipire popanda mapepala amenewa ndiye adzafunsidwa ndi ofufuza za chuma cha boma. Mwinanso fayilo inangoiwalika pansi pa mafayilo ena. Pa zifukwa zonsezi ndi chimodzi chokha chimene chili kulekerera kwa munthu, ndipo zina zikhoza kubwerera ku ofesi ya wolemba yemweyo. Amene walemba kuti anzake akhalira fayilo, kenako n'kupezeka kuti pepala losowalo linayenera kuchokera kwa iye, wataya nkhani imeneyo pamodzi ndi zingapo zam'tsogolo.

Kuti izi zioneke pafupi, nachi chitsanzo chongopeka, chimene masiku ndi ndalama zake zaikidwa pofuna kuphunzitsa chabe, ndipo sichikunena za ntchito kapena ofesi ina iliyonse imene ilipo. Khonsolo ikumanga mdadada wa makalasi awiri pa sukulu ya pulayimale ya kumtunda, pa mtengo wa K120 miliyoni, ndipo ntchito iyenera kutha pa 15 Disembala. Makoma afika pa lintala, denga silinaikidwe. Kontilakitala salipidwa ndalama zonse pakamodzi, koma akamaliza gawo amapempha malipiro, injiniya amayeza zimene zamangidwadi n'kulemba satifiketi ya malipiro a gawolo, ndipo mgwirizano wa m'chitsanzo chino ukunena kuti ndalama zilipidwe pasanathe masiku 30 kuchokera pamene satifiketi yasayinidwa. Kontilakitala anapempha pa 4 Ogasiti, injiniya anasayina satifiketi yachiwiri ya K28 miliyoni pa 11 Ogasiti, ndipo inafika ku zachuma pa 14 Ogasiti, kutanthauza kuti tsiku lomaliza lolipira linali 10 Seputembala. Zikumbutso zinatumizidwa pa 28 Ogasiti ndi pa 12 Seputembala, akuluakulu a zomangamanga ndi a zachuma anakumana pa 18 Seputembala, ndipo pa 22 Seputembala kontilakitala analemba kuti aimitsa ntchito kuyambira pa 29 Seputembala.

Kalata yoyamba imene imabwera m'mutu pa 2 Okutobala imanena kuti a zachuma akhalira satifiketi kwa miyezi iwiri monga mwa chizolowezi chawo, kuti akumbutsidwa kambirimbiri koma sakulabadira, kuti aliyense akudziwa chimene akufuna kwa kontilakitala, ndipo imatha ndi pempho lakuti bwana achitepo kanthu mwamsanga. M'mizere yochepa imeneyi muli zolakwa zinayi zimene woyankha wochenjera angazigwire nthawi yomweyo. Miyezi iwiri sinakwane, popeza kuchokera pa 14 Ogasiti kufika pa 2 Okutobala ndi masiku 49, ndipo mwa amenewo masiku opitirira malire a mgwirizano ndi 22 okha. Kambirimbiri ndi zikumbutso ziwiri ndi msonkhano umodzi. Mawu onena zimene aliyense akudziwa ndi kuneneza munthu za ziphuphu popanda umboni. Ndipo kupempha kuti bwana achitepo kanthu ndi kumusenzetsa ntchito yoganiza chimene angachite, ntchito imene wolemba, pokhala wodziwa bwino pulojekitiyo, anayenera kuigwira yekha.

Makalata a ku maofesi a boma amalembedwa m'Chingerezi, koma kamangidwe kake sikadalira chiyankhulo, ndipo kalata yokonzedwa bwino ikhoza kuoneka motere. Pa mzere wa Subject palembedwa kuti: "Pakufunika chigamulo pofika pa 7 Okutobala: mdadada wa makalasi waima, satifiketi yachiwiri sinalipidwe." Kenako thupi la kalata:

"Bwana DC, ofesi ya zomangamanga ikupempha chigamulo chanu pa malipiro a satifiketi yachiwiri ya mdadada wa makalasi awiri, a K28 miliyoni. Ntchito inaima pa 29 Seputembala makoma ali pa lintala, denga lisanaikidwe.

"Satifiketi inasayinidwa pa 11 Ogasiti ndipo inalandiridwa ku ofesi ya zachuma pa 14 Ogasiti. Malinga ndi mgwirizano, tsiku lomaliza lolipira linali 10 Seputembala. Zikumbutso zinatumizidwa pa 28 Ogasiti ndi pa 12 Seputembala. Pa msonkhano wa pa 18 Seputembala a mkulu wa zachuma anafotokoza kuti satifiketi ikuunikidwabe, ndipo tsiku lolipira silinatchulidwe. Pofika lero ofesi ino sinalandire kalata yonena kuti pali pepala losowa. Ngati lilipo, liperekedwa tsiku lomwelo.

"Injiniya akuwerengera kuti denga lifuna masabata asanu ndi limodzi. Malipiro akachitika pofika pa 10 Okutobala, denga likhoza kutha cha pa 21 Novembala. Akachedwa kuposa apo, ntchito ya denga ilowa m'nyengo ya mvula, tsiku lomaliza la 15 Disembala silikwaniritsika, ndipo mgwirizano ukupatsa kontilakitala ufulu wopempha nthawi yoonjezera.

"Pempho ndi lakuti, Bwana, muitanitse akuluakulu a nthambi ziwirizi kwa mphindi 30 pofika pa 7 Okutobala kuti tsiku lolipira likhazikitsidwe. Ngati ndalama sizinafike, ofesi ino ikupempha chilolezo chanu cholembera kontilakitala za nthawi yoonjezera ndi kuteteza makoma ku mvula. A mkulu wa zachuma adziwitsidwa za kalata ino ndipo alandira kope. Mapepala asanu aphatikizidwa."

Chinthu choyamba choti chionedwe ndi chakuti pempho lili pamwamba, m'mutu wa kalata ndi m'chiganizo choyamba. DC amakhala m'misonkhano, pa maulendo a m'madera ndi polandira alendo ochokera ku Lilongwe, ndipo imelo zambiri amaziwerenga pa foni ali m'galimoto. Ngati mizere itatu yoyamba sinamuuze chimene akufunidwira, yotsalayo ikhoza kudikira sabata. Mwambo wa kuyankhula kwathu umafuna kuti munthu ayambe ndi malonje, afike pa mutu pang'onopang'ono, ndipo ena amaona ngati kuyamba ndi pempho ndi chipongwe. Ulemu wa m'kalata yotere uli m'mawu oitanira, m'kutchula anzathu ndi "a" wa ulemu ndiponso m'kusataya nthawi ya bwana, ndipo malonje aatali akhoza kusungidwira pamene anthu akumana maso ndi maso.

Ndime yachiwiri ndiyo imafuna kusamala kwambiri. Chiganizo chilichonse chili ndi tsiku, ndipo masiku ambiri ali ndi mapepala awo pa zophatikizidwa: satifiketi, tsamba la buku lolandirira makalata lojambulidwa pa foni, zikumbutso ziwiri ndi kalata ya kontilakitala. Mawu a mkulu wa zachuma alembedwa monga momwe iye anawanenera, osaonjezera kapena kuwakhotetsa, ndipo izi zimatheka pokhapokha ngati wolemba anatumiza imelo yaifupi madzulo a pa 18 Seputembala yobwereza zimene anakambirana, kuti mnzakeyo akonze ngati sanamveke bwino. Popanda imelo imeneyo, zokambirana za pakamwa zimasanduka mkangano wa ndani ananena chiyani. Ndi chanzerunso kulemba kuti ofesi ino sinalandire kalata, m'malo molemba kuti a zachuma sanayankhe, chifukwa chimene wolemba akudziwa motsimikiza ndi zimene zafika kwa iye. Yankho likhoza kukhala linatumizidwa kwa munthu wina kapena lili pa tebulo la mesenjala. Mawu akuti pepala likasowa liperekedwa tsiku lomwelo amatsegulira nthambi inayo khomo lotulukira popanda manyazi, ndipo amaonetsa bwana kuti wolemba akufuna denga, osati chilango cha munthu. Ngati ofesi ya wolemba inachedwetsapo kanthu, monga masiku asanu ndi awiri amene anadutsa pakati pa pempho la kontilakitala ndi kusayina kwa injiniya, ndipo kuchedwako kukukhudza nkhaniyi, ndi bwino kuti kutchulidwe ndi mwini wake kusiyana ndi kudzatulutsidwa ndi ena pa msonkhano.

Pa ndime ya zotsatira, chiyeso chachikulu ndi kukokomeza. Ana amene akuphunzirira pansi pa mtengo alipodi, ndipo ndiwo chifukwa chenicheni cha mdadadawo, koma DC akudziwa kale zimenezo kuposa wina aliyense, ndipo chimene sakudziwa ndi tsiku limene mwayi woika denga mvula isanagwe utsekeke. Tsiku limenelo ndilo mphatso ya injiniya kwa bwana wake. Njira ziwiri zimene zaperekedwa kumapeto nazo zili ndi ntchito, chifukwa yoyamba ikuganizira kuti ndalama zilipo, yachiwiri kuti palibe, kotero kuti bwana ali ndi chochita m'njira zonse ziwiri ndipo sakukakamizidwa kuyamba wapeza wolakwa.

Za amene alandire kope zikhoza kunenedwa mwachidule. Pa To pakhale DC yekha. Pa Cc pakhale mkulu wa nthambi imene ikukambidwa, ndi mkulu wa mapulani ngati ndiye amalondoloza pulojekitiyo. Phungu wa Nyumba ya Malamulo, makhansala, mafumu, kontilakitala ndi akuluakulu a ku likulu asaikidwepo pa sitepe imeneyi, chifukwa kutero ndi kudumpha DC yemweyo ndi kusandutsa nkhani ya mkati kukhala ya ndale, ndipo nthambi imene yachititsidwa manyazi pagulu imayamba kudziteteza m'malo molipira. Bcc, imene imatumiza kope mobisa, isagwiritsidwe ntchito, pakuti wolandira mobisayo akangodina Reply All chinsinsi chimaululika ndipo wolemba amaoneka wachiwembu. Gulu la WhatsApp la ogwira ntchito si malo a nkhaniyi. Komanso popeza maofesi ambiri a boma amayendabe ndi mafayilo a mapepala, ndi bwino kusindikiza imeloyo, kuisayina ndi kuiika pa fayilo ya pulojekiti, kuti ofufuza akadzabwera patapita zaka adzapeze mbiri yonse pamalo amodzi.

Imelo ya ku ntchito siiwalika monga mawu a pakamwa. Lamulo la 2016 loona za mauthenga ndi malonda a pa makina komanso chitetezo cha pa intaneti limazindikira uthenga wa pa makina ngati umboni, ndipo lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ku maofesi a boma, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, limatanthauza kuti zolembedwa za khonsolo zikhoza kupemphedwa ndi nzika, atolankhani kapena mabungwe. Kalata imene inalembedwa mokwiya usiku ikhoza kudzawerengedwa m'bwalo la milandu pa mkangano wa khonsolo ndi kontilakitala, kapena pa komiti ya mwambo wa ogwira ntchito. Apa ndi pomwe nkhani ya ziphuphu iyenera kupatulidwa bwino. Ngati wolemba ali ndi chifukwa chenicheni chokayikira kuti malipiro akuchedwetsedwa pofuna kangachepe, asangokhala chete, koma njira yake ndi ina, monga komiti yolimbikitsa chilungamo ya pa ofesipo kapena bungwe lothana ndi katangale la ACB, kumene kuli anthu ndi mphamvu zofufuzira. Kuponya mawu ozungulira m'kalata ya malipiro kumaononga zonse ziwiri, popeza malipiro amaima podikira kuti mawuwo afotokozedwe, ndipo wokayikiridwa amachenjezedwa asanafufuzidwe.

Kalata ikatumizidwa, mayankho ake amaonetsa ngati inalembedwa bwino. Yankho likamakamba za tsiku lolipira kapena za pepala losowa, kalatayo yagwira ntchito, ngakhale zitapezeka kuti vuto linali ku ofesi ya wolemba. Yankho likamatsutsa masiku kapena ndalama, ndiye kuti mfundo sizinatsimikizidwe mokwanira, ndipo chofunika ndi kukonza poyera m'chiganizo chimodzi popanda kukangana. Yankho likamakamba za ulemu, maudindo ndi mbiri ya kusamvana kwa nthambi ziwirizi, ndiye kuti mawu ena oneneza anatsalira m'kalatamo, kapena mnzakeyo sanauzidwe isanatumizidwe. Kawirikawiri DC amangoitumiza kwa nthambi inayo ndi mawu ochepa oti aione, popanda tsiku. Zikatero wolemba adikire mpaka pa 7 Okutobala, tsiku limene iye mwini anatchula, kenako atumize mizere iwiri pansi pa imelo yomweyo, yonena kuti tsikulo lafika ndi kuti masiku otsala denga lisanalowe m'mvula ndi angati, ndipo apemphe kwa mlembi wa DC mphindi zisanu zoonana naye. Msonkhano ukachitika, zimene agwirizana zilembedwe tsiku lomwelo, kutchula wochita, chochita ndi tsiku.

Kalata yotere ili ndi malire ake. Siingabweretse ndalama zimene sizinachoke ku likulu, siingasinthe malamulo a kagulidwe ka katundu wa boma, ndipo siingalamule wowerengera ndalama kuti alipire popanda mapepala okwanira. Bwana amene angalamule zimenezo chifukwa cha kalata yokoma angaike khonsolo yonse m'mavuto aakulu kuposa denga lochedwa. Chimene ingachite ndi kuika vuto pamaso pa munthu woyenera nthawi ikadalipo, ndi kusiya mbiri yoona ya zimene zinachitika. M'chitsanzo cha mdadadawu, ngakhale yankho litakhala lakuti ndalama zifika mu Disembala, khonsolo imene yadziwa zimenezi pa 7 Okutobala ikhoza kuonjezera nthawi ya mgwirizano molemba, kuteteza makoma ndi kuuza komiti ya sukulu zoona zake, pomwe imene yadziwa mu Januwale imapeza makoma atanyowa, kontilakitala atachotsa amisiri ndipo msewu utatsekeka. Woyang'anira ntchito amene satifiketi yake yadutsa tsiku lolipira atsegule buku lolandirira makalata, alembe masiku onse motsatana, apite kukaonana ndi mkulu wa nthambi inayo, ndipo akatero alembere DC kudzera mwa mkulu wa nthambi yake sabata yomweyo.